Marana a sofuti kilozi a 45kg: ndapereka nyenyezi zitatu, ziwirizo zadyedwa ndi wogulitsa

Ndimagulitsa ma sipeya a njinga zamoto pa boma pano, a kabaza amandidziwa, ndipo marana amenewa, zitsulo zoyendetsera madilowa, ndinagula pa hadiweya ina ya m'tauni momwemu nthawi imene ndimapangitsa kauntala yatsopano. Ndi aja a m'mbali a timipira tachitsulo, otalika mamilimita 550, otuluka dilowa lonse mpaka kumbuyo, okhala ndi sofuti kilozi, kachipangizo kamene kamatseka dilowa kokha pang'onopang'ono. Mtengo mukuudziwa nonse, umaposa wa awamba aja ndithu, koma ndinati bola kugula kamodzi.

Vuto langa lalikulu ndi mnyamata wa pa kauntala uja, wosalala pakamwa ngati wa inshulansi. Ndinamuuza bwinobwino kuti achimwene, dilowa la pansi ndidzaikamo ma tcheni, ma sipuloketi ndi ma buleki shu, ndi zitsulo zokhazokha izi, kodi apirira? Iye anatenga paketi n'kundilozera pamene analemba 45kg, amvekere bwana apa m'paketi muli awiri, aliyense 45, ndiye kuti 90, mutha kukhalamo inuyo. Anaseka, ine ndinaseka, ndinalipira. Anthuni nambala imeneyo ndi ya onse awiri pamodzi, peya yonse, osati mmodzi. Rana mmodzi wa m'mbali payekha sagwira ntchito ndiye makampani amalemba nambala ya peya. Kaya mnyamatayo sadziwa kaya amangofuna ndalama ilowe, zimenezo akudziwa yekha, koma munthu wogulitsa zinthu zonyamula katundu kumalankhula choncho ndi kupha anthu.

Dilowalo linayamba kudandaula pang'onopang'ono, ndipo ndikulemba zizindikirozi kuti wina akaziona pake asadikire. Choyamba sofuti kilozi inasiya kumaliza ntchito yake, ukakankha dilowa limafika pafupi n'kuima patatsala mpata wolowa chala, mpaka ulikankhe ndi bondo. Kenako ukalikoka lonse kutsogolo kumagwa pang'ono, mphuno yake kuloza pansi, ndipo pobweza umachita kulinyamula kaye kuti lilowe. Kenako phokoso, poyamba linkayenda mwakachetechete koma linayamba kulira kwee kwee ngati muli mchenga, ndipo mbali ya kumanja inkatsalira, dilowa kulowa chopendekera. Ine ndinkati ndi fumbi la m'tauni muno, ndinapukuta, ndinapaka girizi, linakhala bwino pang'ono basi.

Tsiku la tsokalo linali Loweruka m'mawa, shopu itadzaza, wa kabaza wina akufuna tcheni mwachangu poti kasitomala wake wopita ku Namwera anali atakhala kale pa njinga panja. Mphwanga amene amandithandiza anakoka dilowalo mwamphamvu mpaka kumapeto, n'kutsamira dzanja pa mphumi pake kuti afike kumbuyo kumene kunali saizi imene amafuna. Ndinangomva thoo! Rana wa kumanja anatseguka kukamwa, timipira tija tinamwazika pa simenti mpaka ena kugubuduzika kukafika pakhonde, dilowa lonse linapendekera mbali imodzi n'kuzula masikuluwu a kumanzere pamodzi ndi nyama ya thabwa, ndipo ngodya yake inatera pa chala chachikulu cha mwanayo, iye atavala ma silipasi. Chikhadabo chinada tsiku lomwelo ndipo chinadzachoka. Ma sipuloketi ali mbwee pansi, a kabaza ena akuseka ena akuthandiza kutola, wa ku Namwera uja anapita kukagula kwina. Mwana wa mchemwali wanga ameneyo, ndiye ganizani zimene ndinamva madzulo ake kunyumba.

Ndinabwerera ku hadiweya kuja nditanyamula rana wopindikayo m'jumbo. Mnyamata uja anandiyang'ana ngati sanandionepo, akuti katundu akatuluka sabwezedwa, mwina kalipentala wanu anaika molakwika. Za 90 zija anakana kuti sanalankhulepo. Abwana ake kunalibe, akuti apita ku Blantyre kukaoda, nthawi zonse amakhala apita ku Blantyre.

Amene anandimasulira nkhani yonse ndi bambo wina wachikulire, kalipentala wa ku Mpondasi, osati amene anapanga kauntala poyamba. Iwo sanayambe ndi kulankhula, anabwereka sikelo yopachika ija ya ogula chimanga, tinalongedza zonse za m'dilowa m'thumba n'kupachika, 41 kg. Kenako anapachika bokosi la dilowa lopanda kanthu, la bulokobodi wa mamilimita 18 ndi mphumi yake yokhuthala ija, 12 kg. Amvekere mwanawe waona, 53 imeneyo, rana sadziwa kuti ichi ndi thabwa ichi ndi tcheni, amanyamula zonse. Ndiye pa 45 paja katundu weniweni amene ndimayenera kuikamo anali 33 basi, ndisanawerengere dzanja la mphwanga lotsamira lija.

Ndipo akuti ngakhale 45 yomweyo sinali yanga yonse. Nambala ya pa paketi amaiyesa pa rana wa saizi yapakati, kawirikawiri wa mamilimita 450, pa dilowa losatambalala kwambiri, katundu atayalidwa mofanana. Wanga anali wa 550, ndiye likatuluka lonse katundu amakhala patali ndi pamene rana wagwira kabati, mphamvu yonse imathera pa timipira tochepa ndi masikuluwu a kutsogolo. Komanso dilowa langa linali lotambalala pafupifupi masentimita 90, chogwirira chili pakati koma anthu amakokera pamene dzanja lafikira, ndiye limapotoka, mbali ina kutsogola ina kutsalira, n'chifukwa chake wa kumanja ndi amene anayamba kufa, poti ma tcheni olemera ndinkaunjika mbali imeneyo. Iwo akuti dilowa likatambalala kuposa kutalika kwa rana wake, pa marana ngati angawa, yembekezera mavuto.

Apa mtima unayamba kutsika pang'ono, chifukwa kunena zoona marana omwewo pa madilowa atatu a pamwamba akugwira bwino mpaka lero. M'menemo muli ma pulagi, ma kebulo, mababu, buku la ngongole, zinthu zosafika ndi 15 kg komwe, ndipo ukangolikankha limathamanga n'kufika masentimita anayi kapena asanu omaliza, kachipangizo kaja kamaligwira n'kulikoka kokha pang'onopang'ono mpaka kutseka osamveka. Makasitomala ena amachita kupempha kuti atsekenso aone. Ndiye chitsulocho pachokha si choipa ayi, chinangopatsidwa ntchito yosakhala yake.

Chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo wogulitsa uja amachigwiritsa ntchito, n'choti sofuti kilozi siwonjezera mphamvu ngakhale kilo imodzi. Ndi kasipuling'i kokoka ndi kapampu kakang'ono kochedwetsa basi, zambiri zake ndi pulasitiki. Ukulipira bata, osati mphamvu. Dilowa likalemera kwambiri kasipuling'i kaja kamalephera kulikoka, ndiye kuima kuja patatsala mpata wa chala, ndipo ukalikankha mwaukali kulemera kwake kumagonjetsa kapampu n'kumenya ndithu ngati palibe chilichonse. Komanso potsegula umayamba walimbana ndi sipuling'iyo, ndiye anyamata amazolowera kukoka mwankhanza, zimene zimamaliza rana msanga.

Ndinawafunsa bambowo za aja obisika a pansi, andamaunti, poti alamu anga ali nawo kukhitchini kwawo ndipo amaoneka bwino, m'mbali mwa dilowa simuoneka chitsulo chilichonse. Anapukusa mutu. Akuti amenewo ndi abwino pa khitchini ndi zovala, fumbi siliwapeza msanga poti abisala kunsi, koma ambiri amathera pa 30 kapena 40 kg, ndipo amafuna bokosi lopangidwira iwowo, matabwa a m'mbali ambiri safuna opitirira mamilimita 16, pansi pa dilowa pakwere pang'ono kuti rana abisale, kumbuyo ajobe ndi kuboola kabowo kolowa kambedza, kutsogolo amange tizogwirira take. Bokosi langa la 18 silikanalowa n'komwe. Anandichenjezanso za chinyengo china chimene amachita akalipentala ena, kutenga rana wa m'mbali n'kumugoneka chafufumimba kunsi kwa dilowa kuti aoneke ngati andamaunti. Rana ameneyo mphamvu yake ili poimirira, ukamugoneka imatsala mwina kota chabe, amapindika msanga.

Mmene anakonzera ndi umu. Dilowa lalikulu lija analidula pakati n'kuika thabwa loimirira, akhala awiri a masentimita pafupifupi 43 lililonse. La ma tcheni ndi ma sipuloketi anaika marana a hevi, aja okhuthala otalika msinkhu mamilimita 53 m'malo mwa 45, opanda sofuti kilozi, olembedwa kupitirira 100 kg, amenewo ndinachita kutumiza munthu ku Limbe chifukwa kuno sindinawapeze. Linalo la ma buleki shu anabwezeramo peya yatsopano ya omwewa a 45, katundu ndi bokosi zonse pamodzi 24 kg, akuyenda bwinobwino. Anayeza mpata ndi tepi kangapo konse, akuti rana wa m'mbali amafuna mamilimita 12.7 mbali iliyonse, ndiye bokosi lichepe ndi 25 kapena 26 poyerekeza ndi pakamwa pa kabati, ukaphonya ndi mamilimita awiri okha limathina kapena timipira timayenda m'mphepete. Kalipentala wakale uja anasiya mpata wa 29, ndiye naye ali ndi gawo lake pa chala cha mphwanga. Masikuluwu anali ataika awiri okha pa rana aliyense, bambowa anaika anayi, ndipo m'mbali mwa kabati anaikamo thabwa lenileni poti chipibodi ndi chinyezi cha kunyanja kuno sizigwirizana, nthawi ya mvula imafufuma masikuluwu n'kumasuka okha.

Kadzimbiri kayamba kuoneka pang'ono kumapeto kwa marana a pamwamba aja, zinki wake ndi wopyapyala, ndimangopukuta n'kupaka girizi pang'ono. Pa zovala, mapepala, masipuni, gulani, simudandaula. Pa zitsulo, mbale zadothi zambiri kapena thumba la ufa, yambani mwayeza pa sikelo pamodzi ndi bokosi lomwe ndipo musiye mpata wa makilo khumi kapena kuposa. Ku hadiweya kuja ndimapitabe chifukwa penti ndi guluu amatchipa, koma ndikapeza mnyamata uja pa kauntala ndimadikira mayi uja wa ku kashiya andithandize.