Makalasi a Chingerezi amadzulo: ndikupereka nyenyezi zitatu

Ndaphunzira pamalowa miyezi 3 pokonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, pa mtengo wa K60,000 pamwezi. Mayi wa pa ofesi anandipweteka mtima. Kawiri konse anasintha nthawi ya kalasi osandiuza, ine nditachoka ku shifiti ya kuchipatala ndi njala, ndipo lisiti la mwezi wachiwiri sanandipatse mpaka lero. Mphunzitsi woyamba naye ankangozunguliza zolakwa ndi cholembera chofiira, osafotokoza kanthu. Ndinatsala pang'ono kukaitanitsa ndalama zanga.

Mwezi wachiwiri kunabwera bambo wina wachikulire. Ndinamutumizira ndime pa foni, koma asanaiwerenge anati, "Anamwino, ndikuuzeni zimene mwalakwitsa? Mwasiya timawu a ndi the, ndipo pena mawu ofotokoza chinthu mwawaika kumbuyo." Ndinapsa mtima, ndinkaona ngati akundiderera. Titatsegula, mzere woyamba unali "Patient has wound deep on leg." Zonse ziwiri zinali pomwepo.

Anandiuza kuti ndinene chiganizocho m'Chichewa. Ndinati, wodwala ali ndi bala lakuya pamwendo. Anandionetsa kuti Chingerezi changa chinatsata mapazi a Chichewa liwu ndi liwu. Ife timayamba ndi dzina, bala, kenako lakuya, chifukwa mawu ofotokozawo amatenga mgwirizano wake kuchokera ku dzinalo: bala lakuya, mabala akuya, chitsime chakuya. Chingerezi chimatsogoza mawu ofotokoza, "a deep wound". Ndipo timawu a ndi the ife tilibe, n'chifukwa chake khutu silimva kuti pasowa kanthu.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi ichi. Anati tikamakamba nkhani timati "kunabwera wodwala wina", kenako "wodwala uja anakomoka". Pamene pakukwana wina, munthu amene womvera sakumudziwa, ikani a. Pamene pakukwana uja, amene tonse tikumudziwa kale, ikani the. Zaka zonse za kusekondale palibe anandiuzapo zimenezi. Anandichenjezanso kuti njirayi ili ndi malire, ndipo zinachitikadi: sabata yotsatira ndinayamba kumwaza the paliponse, mpaka kulemba "the life is hard" pamene ndikunena za moyo wamba, pomwe sipafunika kanthu. Anati ambiri amadutsa pamenepo akangozindikira vutoli.

Vuto la he ndi she, poti ife timangoti iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, likadalipo ndikamalankhula mothamanga, ndipo kalasi yathu ya anthu ochuluka sipereka mpata wokwanira woyeserera kulankhula.

Ngati mukulembetsa, funsani kaye ngati bambo wachikulireyo akuphunzitsabe, ndipo musachoke pa ofesi musanalandire lisiti. Nyenyezi zitatuzi ndi za iwowo. Za ofesi ndikadali nazo kukhosi.