Sopo ndi mankhwala opopera jekete la mvula: zagwira ntchito, koma si jekete lililonse

Mabotolo awiriwa anandibweretsera achimwene pochokera ku Joni, lililonse la mamililita 300. Lina ndi sopo wamadzi wochapira majekete a mvula, linalo ndi mankhwala opopera kunja kwa nsalu kuti madzi azitsetsereka. Ndayesa pa majekete awiri, langa loyendera panjinga yamoto pamsewu wa ku Namwera ndi la mayi akunyumba, onse a pakaunjika.

Langali linali litayamba kumwa madzi. Mvula ikangowaza, mapewa ndi mikono zimada n'kulemera, ndipo pofika ku Chowe malaya amakhala atanyowa. Jekete lotere limakhala ndi zotchinga ziwiri. M'kati muli kansalu kopyapyala kamene kamaletsa mvula kulowa koma kamalola nthunzi ya thukuta kutuluka. Kunja anapakako mankhwala ochititsa kuti madzi aziundana timadontho n'kugwa. Fumbi, thukuta, utsi ndi sopo waufa zikaphimba mankhwala akunjawa, nsalu imanyowa yonse ndipo nthunzi imasowa potulukira. Ndi kutentha kwa kuno kunyanja, munthu umanyowa ndi thukuta lako lomwe n'kumaganiza kuti jekete likudontha.

Pa mabotolo awiriwa, amene wandigometsa ndi sopoyo. Beseni ndinayamba ndalitsukuluza bwinobwino, chifukwa kotsalira kakang'ono ka sopo waufa n'kokwanira kuwononga ntchito yonse. Ndinathiramo madzi amvula ofunda pang'ono, poti a pamjigo wathu ndi amchere ndipo amadya sopo, n'kuikamo mamililita 100. Mazipi onse ndinatseka, m'khosi ndi kumapeto kwa mikono ndinapukuta ndi kansalu kofewa, ndipo madzi amene anatuluka anali ofiira ndi fumbi. Osalipikicha pamwala, osalipotokola pofinya, chifukwa timatepi tomata misoko m'kati timamatuka. Ndinatsukuluza katatu mpaka madzi kuyera, n'kuyanika pamthunzi pakhonde.

Litauma ndinaliyala pamphasa, n'kuikapo thaulo pamwamba, n'kusita ndi ayironi yamagetsi yofunda chabe, yopanda nthunzi. Kutentha pang'onoku kumadzutsanso mankhwala akale otsala pansalu. Yang'anani kaye kachikwangwani ka m'kati ngati kakulola kusita, ndipo simbi yamakala musayerekeze n'komwe, moto wake sumvera munthu. Nditawaza madzi ndi dzanja, kumsana ndi pachifuwa anaundana timadontho tozungulira ngati patsamba la kabichi, ndisanapopere chilichonse. Amene anadabe ndi mapewa, modutsa malamba a chikwama, ndi mikono. Mmenemo ndiye kuti mankhwala akale anaperepeseka n'kutheratu.

Apa m'pamene botolo lachiwiri linalowa ntchito. Pabotolopo analemba kuti apopere pansalu yoyera komanso yonyowa, choncho ndinanyowetsanso jekete, n'kupopera nditatalikitsa botolo pafupifupi masentimita 15, kwambiri m'mapewa, m'mikono ndi pachipewa chake. Patatha mphindi ziwiri ndinapukuta otsalira ndi kansalu konyowa. Apa musachite ulesi, chifukwa pamene mankhwala adikha pamauma ndi zipsera zotuwa, ndipo pajekete lakuda zimaonekera patali. Ena amagula mankhwala othira m'madzi ochapira. Ine ndakonda opoperawa chifukwa amapita pofunika pokha ndipo safika kunsalu yam'kati, imene ntchito yake ndi kumwa thukuta.

Kuyambira pamenepo mvula yandipezapo kangapo panjira, ina yamkuntho ndithu nditangowoloka mlatho wa Shire. Ndikafika ndimangolikutumula, madontho n'kugwa, ndipo silichedwa kuuma.

Jekete la mayi akunyumba lokha lakanika. Kunja madzi akutsetsereka bwino, koma akulowabe m'khosi ndi m'misoko ya mapewa. Titalitembenuza tinapeza kansalu kam'kati kakusupuka, kakuyoyoka tizidutswa toyera, ndipo matepi ena akulendewera. Mankhwala opopera samata zimenezo. Musanataye ndalama, tembenuzani jekete lanu muone, kenako mulipinde ngati kathumba pamalo amene mukukayikira, muthiremo madzi n'kudikira. Akadontha kunsi, vuto lili m'kati ndipo botolo silithandiza. Nawonso marenikoti apulasitiki aja a pamsika safuna zonsezi, kungopukuta basi.

Chodandaulitsa n'chakuti mankhwalawa ali ndi kafungo kowawasa pamene akali onyowa, choncho popererani panja. Komanso pa boma pano sindinawaonepo m'sitolo, mpaka kutuma munthu. Sopo watsala wochapira kamodzi, opopera atsala oposa theka. Ndikadzatumanso ndidzaitanitsa sopo mabotolo awiri ndi opopera limodzi, chifukwa fumbi la Okutobala lidzafuna kuchapa kaye mvula isanayambe.