Uthenga wotsanzikana: kusintha mawu, kufufuta, kapena kukumba nkhani?

Mwezi wathawu adalaivala athu akuofesi amapuma pantchito ndiye kadi inazungulira tebulo ndi tebulo, itafika kwa ine ndinayamba ndawerenga kaye zomwe anzanga alemba, abale inu, atatu analemba chizungu chija choti endi ofu ani era, ena "mwasiya mpata wovuta kutseka", ena "munali mzati wathu", ndipo zomwe ndinali nditakonza mufoni mwanga zinali zomwezonso. Ndimati ndilembe kuti: "Bambo, lero ndi mathero a nyengo. Munali mzati wa ofesi ino, mwasiya mpata waukulu, tidzakusowani kwambiri. Mapiri okha ndi omwe sakumana." Mawu onsewa ndi oona koma mutachotsa poti bambo n'kuwatumizira aphunzitsi omwe asamutsidwa kapena abusa omwe akupita mpingo wina, palibe chomwe mungasinthe, ndiye vuto lake ndi limenelo. Ndinayesa njira zitatu zokonzera.

Yoyamba ndi yomwe ambirife timathamangira, kusintha mawu otopetsawo ndi ena omveka apamwamba. Mathero a nyengo asanduke "tsamba latsopano latsekuka", mzati asanduke "nsanamira", kenaka uwonjezere mwambi kapena Mlaliki 3 woti chilichonse chili ndi nthawi yake. Ubwino wake ndiwoti n'zachangu, mphindi ziwiri zatha, komanso sungalakwire munthu. Koma ndikuuzeni, uku n'kuchotsa nyemba zadzulo m'mbale ina kuika m'mbale ina basi. Nsanamira ndi mzati n'chinthu chimodzi, ndipo mwambi ngakhale ukome bwanji ndi wa aliyense, sunena kanthu za munthu yemwe akuchokayo. Chinanso chomwe ndinazindikira apa n'choti mawu athu ambiri otsanzikirana tinabwereka kumaliro. Tayesani kuwerenga mokweza "munali mzati, mwatisiya, mwasiya mpata" mumve ngati simukuyankhula pamanda. Ndi "munali" uja amapha munthu ali moyo, ndipo "mwatisiya" ndiye osayerekeza n'komwe, munthu akungopita kwawo ku Ntcheu kukalima mbatata ife tikumulira ngati tamuika. Njira yosinthayi siichotsa fungo la malirolo chifukwa mawu olowa m'malowo amachokera m'thumba lomwelo.

Yachiwiri ndi kufufuta. Umawerenga chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti kodi ichi ndingamuuzenso munthu wina, ngati yankho ndi eya chichoke. Kwa ine zinachoka zonse, ndinatsala ndi "Bambo, zikomo, mupume bwino." Poyamba ndinaseka koma nditaganiza ndinaona kuti si zoipa ayi, n'zoona ndipo sizikunamizira chikondi chomwe kulibe. Ngati munthuyo mumangopatsana moni m'khonde, kapena kadi yatsala ndi kamalo kangati kachala, imeneyi ndiye njira yake ndipo imaposa yoyamba ija kutali. Pomwe imagwa ndi kwa munthu yemwe mwadya naye limodzi zaka zambiri. Iye akawerenga mawu anayi okhawo aganiza kuti mwina munasungirana chakukhosi, paja kwathu kuno kufupikitsa mawu kwa wamkulu kumamveka ngati mwano. Ndiye kufufuta kumachotsa bodza koma sikubweretsa munthuyo.

Yachitatu ndi yomwe ndinakhalapo nthawi, mwina mphindi 20, koma ndi yomwe inagwira. Mawu otopetsawo suwataya msanga, umawapanikiza ndi mafunso kaye ngati wapolisi: liti, kuti, anachita chiyani. Chifukwa nthawi zambiri pansi pa mawu amenewo pamakhala kanthu kenikeni komwe unachita ulesi kukatchula. Ndinatenga "munali mzati" n'kudzifunsa kuti anakhala mzati tsiku liti. Ndinakumbukira ulendo wina wochokera ku Blantyre kubwerera ku Lilongwe, tayala linaphulika titangodutsa pa Zalewa mvula ikugwa, iwo anatiuza kuti khalani m'galimoto momwemo n'kusintha okha, akulowa ali chonyowa koma akuseka. Ndinatenga "tidzakusowani" n'kufunsa kuti ndidzasowa chiyani kwenikweni, ndipo yankho linali loti paulendo uliwonse wa mumsewu wa M1 amaima pa Lizulu ngakhale tisanapemphe, amvekere "tsikani mugule kabichi ndi tomato, kunyumba musakafike chimanjamanja", n'kumatithandiza kunenerera mtengo. "Mathero a nyengo" nditaifunsa kuti chikutha n'chiyani ndinapeza kuti ndi kuima pa Lizulu komweko, ndiye chiganizocho chinangofa chokha. Za mapiri zija zinalibe yankho lililonse, ndinafufuta.

Zomwe ndinalemba pakadipo ndi izi: "Bambo, sindidzaiwala tsiku lija tayala linaphulika pa Zalewa mvula ikugwa, inu n'kutiletsa kutsika. Ndipo ndikamadutsa pa Lizulu ndizikumbukira mawu anu aja oti kunyumba musakafike chimanjamanja. Zikomo potiyendetsa bwino zaka zonsezi. Mbatata ikacha mutiitane, tibwera ndi matumba." Onani kuti uthengawu ukadali wamfupi, sindinachulutse mawu, ndangoika malo awiri, chochitika chimodzi ndi mawu a mwiniwake. Mawu a mwiniwakewo ndi omwe ali ndi mphamvu kwambiri, munthu akawerenga zomwe amakonda kunena amadziwa kuti mumamumvera. Ndipo chiganizo chomaliza chikuyang'ana kutsogolo, chimenecho n'chomwe chimathamangitsa maliro aja, wakufa sumuuza kuti mutiitane.

Koma njirayi ili ndi minga yake. Kadi yakuofesi kapena uthenga wa pagulu la WhatsApp umawerengedwa ndi aliyense, abwana, ndipo kadi ikafika kunyumba akazi awo ndi ana awerenganso. Ine nkhani yoyamba yomwe inandibwerera inali yoseketsa, ya tsiku lina tinasochera chifukwa iwo anakana kufunsa njira, ndinaisiya chifukwa pamaso ikanakoma koma papepala ikanaoneka ngati ndikuwanyoza akulu. Nkhani za ngongole, matenda, mowa, kapena chifukwa chomwe munthu akuchokera ngati sanachoke mwakufuna kwake, zimenezo ayi. Minga ina ndi kuiwala kuti uthengawo ndi wa iwo, umayamba bwinobwino kenaka wapezeka ukulemba mbiri yako, "ine nditangoyamba ntchito, ine ndinali, ine ndinamva", werengani muone ngati "ine" wachuluka kuposa "inu". Komanso musadzaze nkhani zisanu, imodzi kapena ziwiri zakwana, zinazo mukawauze pa phwando. Ndipo chonde osapeka. Mukafunsa liti ndi kuti koma osapeza kanthu, ndiye kuti munthuyo simumudziwa kwenikweni, bwererani ku njira yachiwiri ija mulembe zikomo wanu wamfupi.

Pali mawu ena omwe ndinawasiya dala ngakhale aliyense amalemba, monga "Mulungu akutsogolereni" ndi "muyende bwino". Amenewa kwa ine ali ngati moni, palibe amadandaula kuti "mwadzuka bwanji" watopetsa, ndipo kwa munthu wamkulu wopemphera mdalitso ukasowa amaona kuti china chaperewera. Kusiyana kwake n'koti mdalitso ukumupatsa kanthu munthuyo pomwe "mathero a nyengo" akungolengeza ngati wailesi. Ndiye pansi penipeni pa kadi ndinawonjezera "Mulungu akutsogolereni, bambo", kamodzi kokha, n'kusaina dzina langa lenileni osati lija la pa imelo, kenaka ndinapatsira wa tebulo lotsatira yemwe anawerenga n'kundifunsa ngati angabwerekeko za Lizulu, ndinamukaniza kuti akumbe zake.