Samale ya sitatisitikisi ija, patha miyezi 7 ndikuigwiritsa ntchito

"Madamu, pepani kukuvutitsani. Ndili ndi samale ya mapeji 18 ya kozi yathu ya sitatisitikisi, semesita yonse. Kodi ndikawerenga imeneyi yokha zakwana pamayeso, kapena pali mitu yomwe mulibemo?"

Kalata yanga inali imeneyo, ndinatumiza pa imelo kwa aphunzitsi athu a koziyo usiku wina ndili pakhonde kuno ku Mangochi, m'nyumba simumakhalika ndi kutentha. Samaleyo ndinaipeza kwa mnzanga amene anatitsogolera chaka chimodzi, ndinakaichititsa fotokope ku boma, ndipo kunena zoona ndimafuna Madamu angoti eya basi ndisiye buku lalikulu lija. Ine ndimaphunzira ndili kunyumba, masana ndimakhala kuntchito, ndiye mapeji 18 amaoneka ngati chipulumutso.

Anayankha patatha masiku atatu, mwachidule kwambiri. Akuti samaleyo sanalembe ndi iwo ndiye sangailonjeze, mayeso amachokera pa kozi autilaini, ndiike ziwirizo pambali ndichonge mutu ndi mutu kenako ndiyese pasiti pepa ndi samale yokhayo osatsegula china. Tsiku limenelo ndinaona ngati andizemba. Pano ndikuona kuti funso langa ndi lomwe linali lopanda mutu, munthu angayankhe bwanji za pepala lomwe sindinawatumizire nkomwe.

Kuchonga ndinachonga, ndipo mitu pafupifupi yonse inalimo, mini, mediyani, sitandadi diviyeshoni, purobabilite, kuyesa haipothesisi, mpaka rigiresheni. Apa ndi pomwe samale imapusitsa, dzina la mutu limakhalapo koma zamkati zadulidwa. Ndinazindikira pa pasiti pepa. Funso lake ndilisintha pang'ono kuti likhale lakwathu: wogulitsa akuti chambo chake chimalemera magalamu 500 pa avareji, inu mwapima nsomba 9, avareji yatuluka 480, sitandadi diviyeshoni ya sampulo yanuyo ndi 30, yesani pa 0.05 mbali zonse ziwiri. Samale inali ndi fomula ya z ndi nambala ija 1.96 atailemba mwakuda bii. Ndinawerengera (480 − 500) / (30/√9), yomwe ndi −20 kugawa ndi 10, kutuluka −2. Ukachotsa mainasi 2 waposa 1.96, ndiye ndinalemba monyadira kuti tikukana zonena za wogulitsa.

Zolakwika. Nsomba ndi 9 zokha, ndipo 30 ija yachokera pa sampulo, sitikudziwa ya nsomba zonse yomwe timaitcha sigima, ndiye apa pamafunika t osati z. Umapita pa tebulo ya t, mzere wa n − 1 womwe ndi 8 poti n ndi nsomba 9 zija, ndipo nambala yake ndi 2.306. 2 sanafike pamenepo, ndiye sitikana, umboni wathu ndi wosakwanira kunena kuti wogulitsayo akunama. Kuwerengera konse kunali bwinobwino koma yankho lomaliza linatembenuka chifukwa cha chiganizo chimodzi chomwe wolemba samale anaona ngati n'chosafunika, mwina iye anali nacho kale m'mutu. t anangoitchula pa mzere umodzi pansi pa peji, osanena kuti imalowa liti.

Nditaona zimenezo ndinayamba kuikayikira paliponse, ndipo ndinapezanso china, fomula ya variyansi anagawa ndi n osatchula kuti ya sampulo timagawa ndi n − 1. Pa kakyuleta mabatani ake ndi awiri osiyana, ine miyezi yonseyo ndimadina lolakwika.

Ndinalembanso kalata yachiwiri, ulendo uno ndinaikamo samaleyo ndi mafunso enieni: kodi tebulo ya t mudzatipatsa kapena tibwere nayo, ndipo rigiresheni tidzawerengera pamanja kapena kungomasulira zotsatira? Anayankha tsiku lomwelo, matebulo adzapereka, rigiresheni pamanja. Samale inalibe ngakhale chitsanzo chimodzi cha pamanja, ndiye sabata yomaliza yonse inathera pamenepo.

Mayeso ndinakhoza, osati mochititsa kaso koma sapu ndinaipewa. Mnzanga wa ku Namwera amene tinagawana naye fotokope ija anakhozanso, koma akuti funso la t analisiya theka.

Samaleyo sindinataye. Semesita ino tikuchita njira za kafukufuku ndipo ndimaitsegulabe pafupifupi sabata iliyonse ndikaiwala fomula, pa ntchito imeneyo ndi yabwino zedi, yachangu kuposa kusakasaka m'buku. Kungoti pano m'mbali monse mwadzaza bolopeni yofiira, "n yochepa, sigima sitikuidziwa, pita ku t", zoterozo, mapeji awiri anachita kunyowa ndi mvula ya mu Febuluwale. Wina wa chaka choyamba anandipempha dzana kuti akachite fotokope, ndamuuza abwere Loweruka ndi pasiti pepa tikhale kaye pansi pa peji 11.