Simu khadi ziwiri pa nyumba imodzi: zimene zaoneka patapita miyezi

Kampani imene inkaoneka yopambana sabata yoyamba si imene ikupereka intaneti pa nyumbayi lero. Simu khadi ziwirizi, za makampani awiri osiyana, zomwe tizitcha A ndi B, zayesedwa kuyambira m'chilimwe mpaka mkati mwa dzinja, pa malo atatu osasintha: pawindo la pabalaza, m'chipinda chamkati chozunguliridwa ndi makoma a njerwa, ndi panja pabwalo. Nthawi zake zinali 6 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndi 8 koloko usiku.

Foni yoyesera iyenera kukhala imodzi. Mafoni awiri osiyana samva netiweki mofanana, ndipo mukatero mumakhala mukupikisanitsa mafoni osati makampani. Ngakhale foni yolowa simu ziwiri ili ndi msampha wake, chifukwa mafoni ena, makamaka akalekale, amapereka 4G kwa simu imene yasankhidwira deta yokha, inayo n'kutsikira ku 3G kapena 2G. Choncho sankhirani deta simu A, dikirani mphindi imodzi kuti ikhazikike, yesani katatu n'kulemba nambala yapakati, kenako chitani chimodzimodzi ndi B musanasunthe phazi. Tsiku lotsatira yambani ndi B. Wi-Fi ikhale yozima, ndipo mu pulogalamu yoyesera liwiro sankhani nokha seva imodzi ya simu zonse ziwiri, poti mukaisiya imadzisankhira ina ku kampani iliyonse. Konzekeraninso bandulo: netiweki ikakhala yothamanga, kuyesa kamodzi kokha kutha kudya ma MB opitirira 100.

Timizere ta netiweki ta pamwamba pa foni musatikhulupirire kwambiri, wopanga foni aliyense amatijambula mwa njira yake. Nambala zenizeni zimapezeka poimba izi:

```
*#*#4636#*#*      Android
*#0011#           Samsung
*3001#12345#*     iPhone
```

Si foni iliyonse imene imatsegula, koma ikatsegula funani RSRP, yomwe ndi mphamvu ya siginolo yofika pa foni kuchokera pa nsanja. Pafupi ndi -80 dBm ndi pabwino kwambiri, -100 ndi pakatikati, ndipo kutsika kupyola -110 ndiye kuti mavuto ayamba. Kusiyana kwa 10 pa nambalazi si kwapang'ono, kukutanthauza kuti mphamvu yachepa kakhumi. Nambala ina ndi SINR, yoonetsa mmene siginoloyo yayerera poyerekeza ndi phokoso la nsanja zina. Ikapitirira 20 zinthu zili bwino, ikafika pa 0 deta imachita kukwawa.

Simu A inapambana pa mphamvu paliponse, ndipo izi sizinasinthe miyezi yonseyi. Pawindo inkakhala cha m'ma -88, m'chipinda chamkati cha m'ma -100, ndipo mawu poimba foni ankamveka bwino ponseponse. B inkaonetsa cha m'ma -101 pawindo, koma m'chipinda chamkati inkagwera pa -115 kapena kuthawira ku 3G. Chifukwa chake chinaoneka pa nambala ya bandi, yomwe ndi gawo la mafunde limene nsanja imagwiritsa ntchito polankhula ndi foni. A imafika pa nyumbayi kudzera pa bandi 20, ya 800 MHz, pomwe B imafika pa bandi 3, ya 1800 MHz. Mafunde otsika ngati a 800 amapita kutali ndipo amabowola makoma mosavuta, pomwe okwerawo amafooka msanga akakumana ndi njerwa, simenti kapena malata.

Apa ndi pamene munthu woyesa masana okha amapusitsika. Nthawi ya 1 koloko, pawindo, A inkatsitsa pa liwiro la cha m'ma 25 Mbps ndipo B cha m'ma 18. Ikakwana 8 koloko usiku, A inkagwa kufika pa 2 kapena 3 Mbps, vidiyo n'kumaima ndi kabwalo kaja kozungulira pakati, pamene RSRP ili pomwepo pa -88, timizere tonse tili todzaza. B inkangotsika pang'ono, n'kukhala cha m'ma 12. Siginolo yamphamvu yokhala ndi liwiro lochepa pa maola amene anthu aweruka ndi chizindikiro cha kudzaza kwa nsanja. Bandi yotsika ija, poti imafika kutali, imasonkhanitsa anthu ambiri, komanso nthawi zambiri imakhala yopapatiza kuposa zokwera, ndiye onsewo amagawana kochepa komweko. Zili ngati mpopi umodzi wa madzi amphamvu koma pali mzere wa ndowa. Vuto ili silithetsedwa ndi kusuntha foni kapena kugula mlongoti, chifukwa silili m'nyumba mwanu.

Vuto la B ndi la mtundu wina, ndipo ilo lili ndi mankhwala. Liwiro lake linkatsatira malo, osati nthawi: pawindo bwino, mkati zoipa, m'mawa ndi usiku pafupifupi chimodzimodzi. Choyamba kufa chinali kutumiza. Nsanja ili ndi mphamvu zokwanira kufuula mpaka kwa inu, koma foni imayankha ndi mphamvu yosapitirira pafupifupi 200 mW, choncho siginolo ikafooka, zithunzi zimakana kupita ndipo pa kuimba kwa vidiyo mnzanu amakuonani mutauma pomwe inu mukumuona bwinobwino. Batire nalonso linkatha msanga foni ikagona m'chipinda chimenecho ili pa B, chifukwa imakhala ikudzikakamiza kulankhula ndi nsanja.

Pali zinthu zimene sabata imodzi sikanazionetsa. Mitengo ya pakati pa nyumba ndi nsanja ya B itavala masamba, RSRP yake pawindo inatsika ndi 4 kapena 5, ndipo masamba akanyowa zinkaipirapo. A sinasunthe kwenikweni. Mvula yokhayo siisokoneza kwambiri mafunde a 800 kapena 1800, koma masamba onyowa amawatchinga, ndipo mvula yamphamvu itha kufooketsa ulalo wa pakati pa nsanja ndi nsanja ngati ndi wa mafunde osati wa chingwe. Magetsi akazima nthawi yaitali m'dera, B inkagwira kwa maola ochepa kenako n'kusowa, zomwe zimachitika mabatire a pa nsanja akatha, pomwe A inkakhalapobe, ngakhale inkachedwa kwambiri.

Samalaninso ndi liwiro lodulidwa dala. Chakumapeto kwa bandulo ina ya mwezi, B inayamba kuonetsa 1 Mbps ndendende m'mawa, masana ndi usiku, panja ndi mkati. Kudzaza kwa nsanja sikukhala kosalala chonchi, kumakwera ndi kutsika. Nambala yosasintha imatanthauza kuti mwafika pa malire a bandulo, ndipo masiku amenewo asalowe m'kaundula woyerekezera.

Kwa munthu amene angasunge simu imodzi yokha pa nyumba ngati iyi, A ndiyo yoyenera, chifukwa foni yosalira m'chipinda chogona ndi vuto lalikulu kuposa vidiyo yochedwa. Koma kwa amene amagwira ntchito kapena kuphunzira pa intaneti madzulo, B ndiyo yabwino, bola iikidwe mu rauta pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja yake, pamwamba, kutali ndi zitsulo zotchingira akuba, kuti Wi-Fi ndiyo ilowetse intaneti m'zipinda. A ikhale m'foni yoimbira, ili ndi kabandulo kakang'ono kodikirira tsiku lozima magetsi. Izi zikukhudza nyumba iyi yokha. Nyumba ya kuseri kwa chitunda itha kukhala pa nsanja zina, ndipo makampani amawonjezera mabandi kapena kutembenuza milongoti yawo osalengeza, choncho kuyesa kwa 8 koloko usiku kuzibwerezedwa pakapita miyezi itatu iliyonse.