Hayilaita kapena kutseka buku n'kudzifunsa: ndinaziyesa zonse pa mutu wa malungo aakulu

Buku langa la matenda a ana ndi lija loti ukaliika m'chikwama lamba amadandaula. Mukalitsegula pa mutu wa malungo aakulu mupeza masamba achikasu okhaokha, ngati munagwera ufa wa kale. Ndinaupaka mutu wonsewo usiku umodzi, ndipo ndinagona mtima uli m'malo poganiza kuti ndaudziwa. Patapita masiku anayi, tili pa raundi, adokotala anandiloza: "Mwanayu akulemera makilogalamu 14. Atesuneti timupatsa wochuluka bwanji?" Tsamba lija ndinkaliona m'maso mwanga, bokosi la kumanja m'munsi, mzere wachikasu womwe. Koma nambala yake osabwera. Atesuneti ndi mankhwala a jekeseni a malungo aakulu, ndipo ine ndinatchula mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, womwe ndi mlingo wa akuluakulu ndi ana olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Wosakwana 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, choncho mwanayo ankafunika mamiligalamu 42, osati 33.6 omwe ine ndikanamupatsa.

Chodabwitsa n'chakuti manambala onse awiri ndinali nditawapaka. Hayilaita sinaphonye chilichonse. Vuto lake ndi lakuti imakuphunzitsa kuzindikira chinthu ukachiona, pamene mu wodi palibe amene amakuonetsa tsamba. Kuzindikira ndi kukumbukira ndi ntchito ziwiri zosiyana, monga mmene munthu umamudziwira nkhope pamsika koma dzina lake lakana kutuluka. Ukabwereza kuwerenga mzere wopakidwa kale, umalowa mosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kumatinamiza kuti taudziwa.

Si ine ndekha amene ndinanamizika. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani zazifupi zoti awerenge. Nkhani ina ankaiwerenga kawiri, ina ankaiwerenga kamodzi kenako n'kulemba zonse zomwe akukumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi 5, kuwerenga kawiri kunapambana. Atayesedwa patapita sabata, zinthu zinatembenuka: zolembedwa kuchokera m'mutu zija zinakumbukika bwino kuposa zowerengedwa kawiri. Ndiye amene amati "ine hayilaita imandithandiza" sakunama kwenikweni. Imathandizadi ngati mayeso ndi mawa m'mawa. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zowerengera, ndipo kupaka ndi kudula mizere anakuika m'gulu la njira zopindulitsa pang'ono, pamene kudziyesa ndi kubwereza motalikitsa masiku anaziika pamwamba.

Nditachita manyazi tsiku lija ndinaubwerera mutu womwewo mwa njira inayo. Ndinawerenga kagawo kamodzi kokha, ka zizindikiro zosonyeza kuti malungo afika poopsa, m'manja mulibe cholembera. Kenako ndinatseka buku, n'kutenga pepala loyera, n'kulemba pamwamba funso limodzi: mwana wapezeka ndi malungo, n'chiyani chingandiuze kuti asapite kunyumba ndi mapiritsi? Ndinalemba kukomoka, kuchepa magazi, kupuma mobanika ndi chikasu. Nditatsegula buku ndinapeza kuti kutsika kwa shuga ndakuiwaliratu, ndipo pa kukomoka ndasakaniza zinthu ziwiri: kugwa khunyu koposa kawiri m'maola 24, ndi kusatsitsimuka komwe timayeza ndi sikelo ya Blantyre. Sikeloyi, yomwe Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaikonzera kuno kwathu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndinkaitchula tsiku lililonse, koma pepala loyera linandiulula kuti sindinkadziwa kagawidwe ka mapointi ake 5. Maso amapatsidwa 0 kapena 1, kuyenda kwa thupi 0 mpaka 2, kulira kapena kuyankhula 0 mpaka 2, ndipo mwana akapeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomoka ndithu.

Apa mpamene hayilaita inapeza ntchito yake yeniyeni. Ndinapaka zokhazo zomwe ndinalephera: shuga wa m'magazi wosakwana 2.2 mmol/L, ndi mapointi a maso aja. Pa tsamba lonse ndinangoonjezerapo timizere tiwiri tatsopano, ndipo timizere timeneto timanena zoona zokhudza mutu wanga, pamene chikasu cha poyamba chinkangonena zomwe wolemba buku anaziona kuti n'zofunika. Buku la udokotala lili kale ndi mabokosi, matebulo ndi zilembo zakuda kwambiri. Ukamapaka pa ulendo woyamba umangopaka pamwamba pa zomwe anakusankhira kale, komanso usanadziwe kuti chachikulu n'chiti, chilichonse chimaoneka chachikulu.

Kafunsidwe kake nakonso kali ndi luso. Mafunso anga oyamba ankatsatira mmene buku layalira nkhani: "Tchulani zizindikiro za malungo aakulu." Funso lotere umaliloweza ngati ndakatulo, koma wodwala sabwera ndi mutu wa nkhani pachipumi. Tsopano ndimayambira kwa wodwala. Mwana wa makilogalamu 14, walandira atesuneti woyamba 8 koloko m'mawa, wachiwiri ndi wachitatu alandira liti? Yankho ndi 8 koloko usiku, kenako 8 koloko m'mawa wotsatira, chifukwa jekeseni amaperekedwa poyamba, patapita maola 12, ndi patapita maola 24. Ndikatero ndimasintha kulemera kwake kukhala 22 kuti ndione ngati ndikumbukira kusintha mlingo.

Musaganize kuti njirayi ilibe zowawa zake. Imadya nthawi. Masamba omwe ndingawapake m'theka la ola amanditengera madzulo onse ndikamadzifunsa, ndipo buku la masamba oposa 1,000 simungalimalize motero. Muyenera kusankha mitu, ndipo ine ndimasankha malinga ndi odwala amene ndawaona sabata imeneyo. Imapwetekanso mtima, chifukwa usiku uliwonse umaona umbuli wako utalembedwa ndi dzanja lako lomwe. Choopsa kwambiri ndi kudzifunsa osabwerera ku buku: ukakumbukira nambala yolakwika n'kusaiona, umaikhomerera m'mutu, ndipo pa mlingo wa mankhwala zimenezo si zamasewera. Komanso chinthu chomwe sunachimvetse sungachikumbukire mwa kudzikakamiza. Chifukwa chomwe mwana wa malungo aakulu amapumira mozama, choti asidi wachuluka m'magazi ndipo thupi likuyesa kumuchepetsa potulutsa mpweya woipa, ndinayenera kuchiwerenga modekha kawiri konse ndisanayambe kudzifunsa.

Za Anki, pulogalamu ya pa foni ya makhadi a mafunso, ndinene pang'ono, poti ambiri mumaifunsa. Ndi yabwino pa manambala ndi milingo, chifukwa imakubwezera khadi patapita masiku, pamene wayamba kuiwala. Koma ndaona anzanga akusandutsa chiganizo chilichonse cha m'buku kukhala khadi, mpaka makhadi odikira kufika mazanamazana, n'kuisiya. Kumeneko ndi kupaka chikasu komwe kuja, kungoti kwasamukira pa foni. Pa mutu wonse wa malungo aakulu ine ndili ndi makhadi osakwana 20, ndipo zotsalazo ndimachitira pa pepala loyera: tsiku lotsatira, patapita masiku atatu, kenako patapita sabata.

Pa ulendo wachitatu wa pepala lija ndinalemba zonse bwinobwino kupatula chimodzi. Ndinaiwala kuti jekeseni zitatu zija zikatha ndipo mwana wayamba kumeza, amafunika kumaliza ndi mapiritsi a LA a masiku atatu athunthu. Mzere umenewo m'buku langa tsopano ndi wobiriwira, poti yachikasu inauma kalekale.