Ndemanga: makalasi a pa foni a masamu a Lyapunov, nyenyezi 4 pa 5

Ndinalipira makalasi anayi kwa aphunzitsi ena amene amaphunzitsa masamu a ku yunivesite kudzera pa foni madzulo, chifukwa mayeso anali atayandikira ndipo funso la sitabilite, loti sisitemu ikasunthidwa pang'ono kuchoka pa poyima pake imakhalabe pafupi kapena imathawa, limandizunguza mutu kwabasi. Ndikuwapatsa nyenyezi 4, imodziyo ndawalanda dala, chifukwa chake ndinena kumunsiku.

Vuto langa linali loti ine ndinangozolowera njira imodzi basi: peza poyima pa sisitemu, tenga Jakobiyani, peza ma aigenivalu, ngati mbali yawo yeniyeni ili yonse pansi pa ziro ndiye kuti pali sitebo, ngati ina ili pamwamba pa ziro palibe sitebo, watha. Ndiye tsiku loyamba lomwe iwo anangonditumizira chithunzi cha pepala atalembapo izi, nkuti tayesani mmene mumachitira muja.

```
x' = y - x^3
y' = -x - y^3
```

Poyima ndi pa (0,0). Ndinatenga Jakobiyani, ma x^3 ndi y^3 aja nkusoweratu chifukwa pa ziro delivetivi yawo ndi ziro, ma aigenivalu nkutuluka +i ndi -i, mbali yeniyeni ziro. Ine mwamatama ndinalemba kuti ndi senta, zinthu zizingozungulira mpaka kale. Iwo sanatsutse ayi, anangotumiza ina yoti x' = y + x^3, y' = -x + y^3 nkuti chitaninso. Koma abale Jakobiyani yomweyo, ma aigenivalu omwewo, +i ndi -i. Ndiye anandifunsa kuti achimwene, awiriwa amachita zofanana? Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kulinganiza sisitemu kukhala ya mizere yowongoka kumataya tizigawo tomwe tagwira yankho lonse, ndipo ma aigenivalu akakhala pa mzere wa i njirayo siikuuza chilichonse, sikuti ikuti senta, yangokhala chete.

Chomwe chinandisangalatsa ndi mmene anafotokozera fankishoni ya Lyapunov, mkulu wa masamu wa ku Russia amene analemba zimenezi mu 1892. Anati ganizani nsawawa imodzi mwaiponya m'mbale yakuya, kaya izungulira kangati m'mbali, bola ikamataya mphamvu nthawi zonse mathero ake ndi pansi pa mbale. Ndiye ntchito yanu ndi kupanga mbaleyo: fankishoni V yomwe ndi ziro pa poyima paja, ndipo kwina konse pafupi ndi pamenepo ili pamwamba pa ziro, kenako muone ngati V ikutsika sisitemu ikamayenda, osafuna kusova ma ikweshoniwo nkomwe. Tinatenga V = x^2 + y^2 ndipo anandisiya ndichite ndekha, iwo ali phee pa foni.

```
V' = 2x*x' + 2y*y'
   = 2x(y - x^3) + 2y(-x - y^3)
   = -2x^4 - 2y^4
```

Ma 2xy aja akudyana okha, chotsala chili pansi pa ziro paliponse kupatula pa (0,0) penipenipo, ndiye V ikungotsika ndipo sisitemu ikubwerera pa ziro. Pa yachiwiri ija masamu omwewo akupereka +2x^4 + 2y^4, V ikukwera, zinthu zikuthawa. Mizere itatu yokha, pamene ine ndinatha sabata yathunthu ndikulimbana nazo.

Ine pokhala wokayika ndinakajambulitsa sisitemu yoyamba ija pa laputopu kuyambira pa x = 0.1, y = 0 ndipo chinatuluka ndi chozungulira ngati tayala la njinga, ndinawalembera usiku womwewo kuti samu zanu zija sizikutheka. Mmawa anandiyankha kuti ikani manambala muone. Pa x = 0.1, V ndi 0.01 koma V' ndi -0.0002 yokha, kutsika kwake nkwa kamba, kuti V ifike theka sisitemu iyenera kuzungulira maulendo pafupifupi 10, ndipo ukamayandikira ziro ndi pamenenso ikuchedwa kwambiri. Ine ndinali nditayendetsa ulendo umodzi wokha nkumati ndaona zoona zake. Nditayambira pa x = 1, pomwe V' ndi -2, kulowa mkati kunaoneka poyera. Yankho limeneli lokha ndalama yanga inabwerera, chifukwa chithunzi cha pa kompyuta chimapusitsa ukachikhulupirira mwachangu.

Kalasi yachitatu inali ya kusankha V, ndipo apa anali oona mtima, anati palibe fomula imene imagwira paliponse, umayesa. Anasintha ikweshoni yoyamba kukhala x' = 2y - x^3, inayo nkuisiya chomwecho. Nditayesa x^2 + y^2 kunatsala 2xy wosadyeka, amene nthawi zina ali pamwamba pa ziro nthawi zina pansi, ndipo pafupi ndi ziro iye ndi wamkulu kuposa ma x^4 aja. Ine ndinafulumira kunena kuti ndiye palibe sitebo. Anaseka, akuti V yanu ikalephera yalephera ndi V yanuyo osati sisitemu, musalembe zimenezo pa mayeso. Njira yawo ndi yoti lembani V = x^2 + b*y^2, b musamudziwe kaye, mupeza 4xy - 2b*xy, ndiye sankhani b = 2 kuti zidyane, chotsala ndi -2x^4 - 4y^4. Zimenezi ndazigwiritsa ntchito pa mafunso angapo a mapepala akale ndipo zikuyenda.

Tsopano nyenyezi ndalanda ija. Kalasi yomaliza inayenera kukhala ya pendulamu yokhala ndi filikishoni, pomwe V ndi enaje yeniyeni, koma ukatenga V' umapeza -c*y^2 basi, y kukhala liwiro, c kukhala kukula kwa filikishoni. Iyi ndi ziro paliponse pomwe liwiro ndi ziro, ngakhale pendulamu ili pambali pa nsonga ya kugwedezeka kwake, ndiye Lyapunov yekha akungokuuza kuti siithawa, sakunena kuti ikaima pansi. Pamafunika mfundo ya LaSalle, yoti uone ngati sisitemu ingakhalitse pomwe V' ndi ziro, ndipo pendulamu singakhale pambali ili chiimire, mphamvu yokokera pansi iyikoka nthawi yomweyo, ndiye pafupi ndi pansi paja malo okhawo ingakhalitse ndi pansi pomwepo. Izi ndazimvetsa mothandizidwa ndi mnzanga wa m'kalasi, chifukwa aphunzitsi analowa mochedwa ndi mphindi 20, magetsi nkuzima kwawo, netiweki nkumadukaduka, LaSalle yense anamuthamangitsa mu mphindi zosakwana khumi ndipo kalasi yobwezera imene analonjeza mpaka lero sinachitike. Bandulo yanga inapita pachabe tsiku limenelo.

Chinanso zolemba zawo ndi zapamanja zojambulidwa ndi foni, penapake 4 ndi y zimafanana, ndinasochera kawiri. Amene mukufuna kulembetsa, yambani mwadziwa kale kutenga delivetivi ya fankishoni ya x ndi y chifukwa iwo sabwerera mmbuyo pa zimenezo, ndipo muwauze pachiyambi pomwe kuti LaSalle aikidwe kalasi yachitatu osati yomaliza.